Gemu Siiwala: Mmene Mayankho a Wosewera Amagamulira Mathero a Nkhani

Chakumapeto kwa gemu ya The Witcher 3: Wild Hunt, mtsikana wotchedwa Ciri amalowa yekha m'nsanja ina kukalimbana ndi chisanu choopsa chimene chikufuna kumeza dziko lonse. Geralt, bambo amene anamulera, amatsala panja. Ciri asanalowe, wosewera amene wakhala akuyendetsa Geralt kwa maola makumimakumi amapatsidwa mawu angapo pa sikirini kuti asankhepo oti anene. Ambiri amaima kaye pamenepa, chala chili pabatani, mtima uli m'mwamba, poganiza kuti moyo wa mwanayo wagona pa yankho limeneli. Koma ayi ndithu. Kaya amuletse, kaya amulimbikitse, Ciri amalowabe. Zoti atulukamo wamoyo kapena ayi zinagamulidwa kalekale, pa nthawi zisanu zooneka zazing'ono zimene wosewerayo mwina sakuzikumbukiranso.

Gemuyi inapangidwa ndi kampani ya ku Poland ya CD Projekt Red kuchokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski, ndipo inatuluka mu Meyi 2015. Ndaisankha chifukwa imaonetsa bwino mmene magemu ofotokoza nkhani amafikira pa mathero osiyanasiyana, komanso pamene luso limeneli limaterereka. Amene sanaimalize adziwiretu kuti ndiulula mathero ake onse.

Chifukwa chake nthambi sizingangophukaphuka

Tiyambe ndi chimene wosewera amaona. Munthu wa m'gemu akalankhula, pa sikirini pamabwera mayankho awiri, atatu kapena anayi. Mukasankha limodzi, mnzanuyo amayankha mogwirizana ndi zimene mwanena, kenako pamabweranso mayankho ena. Opanga magemu amati kukambirana kotereku kuli ndi nthambi, chifukwa yankho lililonse limatsegula njira yakeyake. Maganizo amenewa anatchuka kale m'mabuku. M'chaka cha 1979 ku America kunayamba kutuluka mabuku a ana otchedwa Choose Your Own Adventure, ndipo loyamba, lolembedwa ndi Edward Packard, linali ndi mathero 40. Wowerenga akafika pansi pa tsamba ankauzidwa kuti ngati akufuna kuchita chakuti apite tsamba lakuti, ngati akufuna chinacho apite tsamba lina.

Munthu angaganize kuti gemu yaikulu imachitanso chimodzimodzi, kungoti masamba ake ndi ambiri. Masamu amakana. Tiyerekeze kuti nkhani ili ndi malo 10 osankhira, paliponse pali njira ziwiri, ndipo njirazo sizikumananso. Pamalo oyamba njira zimakhala 2, pachiwiri 4, pachitatu 8, ndipo pofika pamalo a nambala 10 zakwana 1,024. Malo osankhira akakhala 20, njira zimapitirira 1 miliyoni. Tsono njira iliyonse imafuna wolemba mawu ake, azisudzo oti awalankhule pojambulidwa, akatswiri oyendetsa nkhope ndi manja a anthu a m'gemu, omasulira m'zinenero zina, komanso anthu oti aisewere kuti aone ngati ikuyenda bwino. Palibe kampani imene ingakwanitse zimenezi. Ndipo ngakhale itakwanitsa, wosewera mmodzi akanangoona kachigawo kakang'ono kwambiri ka ntchito yonseyo.

N'chifukwa chake nthambi zambiri m'magemu zimapatukana kwa kanthawi kenako n'kukumananso. Chitsanzo chodziwika ndi The Walking Dead, gemu ya kampani ya Telltale ya mu 2012. M'gawo loyamba, anthu abisala m'sitolo ya mankhwala mumzinda wa Macon, ndipo mitembo yoyenda ikuthyola mawindo. Anzanu awiri, Carley ndi Doug, agwidwa nthawi imodzi, ndipo mungapulumutse mmodzi yekha. Amene mwamupulumutsayo mumayenda naye m'gawo lachiwiri. Koma m'gawo lachitatu, pa mkangano wa m'mbali mwa msewu, amawomberedwa ndi mayi wina wa m'gulu lomwelo dzina lake Lilly. Kaya ndi Carley, kaya ndi Doug, imfa imamupeza pamalo omwewo, ndipo kuyambira pamenepo osewera onse amakhalanso panjira imodzi.

Wosewera watcheru amatha kuzindikira nthambi yotere isanathe. Munthu amene akanatha kufa kale m'nkhani nthawi zambiri salankhulanso kwambiri, amaima chakumbuyo pamene ena akukambirana zofunika, ndipo ntchito zikuluzikulu sapatsidwa. Olemba sangamuikire mtolo waukulu wa nkhani, popeza kwa osewera ena munthuyo kulibe. Ena amati kumeneku n'kunamiza wosewera. Ine sindikuona choncho, chifukwa maola amene munayenda ndi Carley sali chimodzimodzi ndi amene mnzanu anayenda ndi Doug, ndipo chisoni chake chimasiyananso. Komabe n'zoona kuti nthambi zokumananso pazokha sizingabale mathero osiyana. Pamafunika chinthu china.

Zimene gemu imalemba mwakachetechete

Chinthu chinacho ndi kukumbukira. Gemu ili ngati mwini golosale wa m'mudzi amene ali ndi kabuku ka ngongole. Mukatenga shuga sakangana nanu, amangolemba. Mukabweza amalembanso. Mumacheza bwinobwino mwezi wonse, koma tsiku lowerengera likafika, amatsegula kabuku kaja ndipo zonse zili momwemo.

M'gemu zolembedwazi zimakhala za mitundu iwiri. Zina zimangoti inde kapena ayi: kodi wosewera anapita kwa mfumu, kodi munthu wakuti ali moyo. Zina ndi nambala imene imakwera kapena kutsika malinga ndi zochita za wosewera. Kuti muone kuphweka kwake, nachi chitsanzo chimene ndalemba mu ink, chinenero chaulere cholembera nkhani zanthambi chimene chinapangidwa ndi kampani ya ku Britain ya inkle. The Witcher 3 sinalembedwe mu ink, koma mfundo yake ndi yomweyi.

```
VAR mphamvu = 0

Mwana wakhala phee, nkhope ili yakugwa.
* [Tiye tikasewere panja.]
    ~ mphamvu = mphamvu + 1
* [Tiye tikamwe.]
    Akumwa osalankhulana.
- Kunja kwacha, ulendo ukupitirira.
```

Mzere woyamba ukutsegula nambala yotchedwa `mphamvu` ndipo ukuiyambitsa pa 0. Mizere yoyamba ndi kanyenyezi ndiyo mayankho amene wosewera aone. Akasankha loyamba, nambala ija imakwera ndi 1 iye osadziwa. Mzere womaliza, woyamba ndi kamzere kakafupi, ndi pamene nthambi ziwirizo zikukumananso: osewera onse akupitiriza ulendo womwewo, koma m'kabuku mwalembedwa zosiyana. Ndiye kumapeto kwenikweni kwa nkhani wolemba amangoika funso limodzi.

```
{ mphamvu >= 3:
    -> wabwerera
- else:
    -> sanabwerere
}
```

Apa gemu ikufunsa ngati nambala ija yafika pa 3. Ngati yafika, nkhani ilowera ku mathero amodzi, ngati sinafike ilowera ku ena. Ndi njira imeneyi, wolemba safunika kulemba nkhani 32 zosiyana kuti zosankha zisanu zikhale ndi tanthauzo. Amalemba nkhani imodzi yokhala ndi timphambano tisanu tatifupi, kenako mathero awiri kapena atatu. Mtengo umatsika kwambiri, koma wosewera amamvabe kuti mapeto abwera chifukwa cha iye, ndipo akunena zoona.

Nthawi zisanu za Geralt ndi Ciri

Tsopano tibwerere kwa Geralt. Iye ndi mlenje wa zilombo amene amalipidwa akapha zoopsa zovutitsa midzi. Ciri ndi mwana wobadwa kwa Emhyr, mfumu yaikulu ya dziko la Nilfgaard, koma analeredwa ndi Geralt ndipo ali ndi mphamvu yachilendo m'magazi mwake imene anthu ambiri akuifuna. Theka lalikulu la gemu Geralt amakhala akumufunafuna. Akamupeza, pamachitika nkhondo pa linga la Kaer Morhen, ndipo nkhalamba Vesemir, amene anaphunzitsa onse awiri, amaphedwa Ciri akuona. Kuwerengera kumayambira apa.

Nthawi yoyamba imabwera maliro atangotha. Ciri akuyesa kuphunzira kulamulira mphamvu yake koma zikukanika, ndipo wakwiya. Yankho lina la Geralt limati asadandaule, sikuti munthu ayenera kudziwa chilichonse. Lina limati iye akudziwa chimene chingamusangalatse. Mukasankha loyamba, awiriwo amakamwa mowa, ndipo Ciri amachoka ali wokhumudwabe. Mukasankha lachiwiri, amatuluka panja n'kuyamba kugendana ndi mibulu ya chipale chofewa mpaka mwanayo kuseka. Kuseka kumeneko ndiye pointi yoyamba.

Yachiwiri imachitika pokhapokha ngati mwamutengera Ciri kwa bambo ake omubereka mumzinda wa Vizima. Emhyr anali atalonjeza kulipira Geralt akamupezera mwana wake, ndipo ndalamazo amazipereka Ciri ali pomwepo. Kukana ndalamazo kumapatsa pointi, ndipo mfumuyo imakupatsani hatchi yakuda m'malo mwake. Kulandira kumachititsa Ciri kudziona ngati katundu wogulitsidwa. Onani kuchenjera kwa olemba apa: kwa maola ambiri gemu yakhala ikukuphunzitsani kuti mlenje wa zilombo sagwira ntchito yaulere, mwakhala mukunenerera mitengo ndi alimi osauka, ndiye dzanja limafuna kulandira mwachizolowezi.

Yachitatu ndi imene ine ndimaiona kuti inalembedwa mwaluso kuposa zonse. Akazi awiri amatsenga amphamvu kwambiri, Philippa Eilhart ndi Margarita Laux-Antille, aitana Ciri kuti akakambirane naye. Philippa ndi munthu wodziwika ndi ziwembu, ndipo Ciri akuoneka wamantha. Kholo lililonse lachikondi lingafune kulowa naye m'chipindamo. Koma mukalowa, Geralt amayamba kumuyankhira, ndipo mwanayo amaoneka wochepa pamaso pa anthu amene amafunika kumulemekeza. Mukamuuza kuti akwanitsa yekha, Geralt amatsala panja ndi Yennefer, mayi amene analera naye mwanayo, onse mitima ili dyokodyoko, mpaka Ciri atatuluka atadziyankhira yekha. Pointi ili kwa amene anatsala panja. Gemu ikunena chinthu chovuta kuchimva: pali kuteteza kwina kumene kumafooketsa wotetezedwayo.

Yachinayi imachitikira m'labotale yobisika ya Avallac'h, mphunzitsi wa Ciri. Kumeneko amapeza kuti munthuyu wakhala akulondoloza mtundu wa makolo a Ciri kwa mibadwo yambiri, ndipo mkazi wina amene amamupeza mmenemo amamunyoza kuti mphunzitsiyo amanyansidwa naye. Ciri akufuna kuphwanya zonse za m'chipindamo. Mukamuuza kuti aphwanye, Geralt amayamba ndi iye kugwetsa zinthu, ndipo amatuluka mtima utapepuka. Mukamuuza kuti ugwire mtima, pointi yapita.

Yachisanu ndi manda a Skjall. Uyu anali mnyamata wa pa zilumba za Skellige amene anathandiza Ciri kuthawa adani atabwera m'mudzi mwawo. Anthu a kwawo anamuyesa wamantha wothawa nkhondo, anamupirikitsa, n'kuletsa kuti dzina lake lisatchulidwenso, ndipo anafa akuyesa kudziyeretsa. Ciri atamva za imfayi amapempha kuti apite kukaona pamene anagona. Geralt angavomere kapena anganene kuti nthawi palibe. Akapita amapeza kuti mtembo unangotayidwa, ndipo amauika m'manda mwaulemu. Ndikhulupirira kuti wosewera amene anakulira kwathu kuno, kumene ntchito imaima maliro akagwa, sangavutike ndi funso limeneli.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Amene analakwitsa katatu kapena kuposa apo, Ciri sabwerera kuchokera m'nsanja muja. Geralt amapita yekha ku dambo la Crookback Bog kukapha mfiti yomaliza mwa zitatu za kumeneko ndi kulanda mendulo ya Vesemir imene mfitiyo inaba, ndipo gemu imatha zilombo zikuzungulira kanyumba kamene iye wakhalamo. Amene sanafike pa zolakwa zitatu, Ciri amapulumuka. Ali m'kati mwa chisanu chija, gemu imaonetsa mwachidule zimene mtsikanayo akukumbukira, ndipo ndi nthawi zomwe zija: kuseka m'chipale kapena kumwa mwachisoni, kuikira mnzake maliro kapena kukanizidwa. Apa m'pamene kabuku kamatsegulidwa wosewera akuona.

Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti pa mafunso asanuwa palibe limene limafunsa ngati mukufuna kuti Ciri akhale ndi moyo. Funso lotero aliyense akanaliyankha mofanana. Gemu ikuyeza chinthu chimodzi chokha, ngati mtsikanayu wakula akudzidalira komanso akudziwa kuti amakondedwa, ndipo ikuchiyeza pamene wosewera sakudziwa kuti akuyesedwa. Palibe chizindikiro chimene chimabwera pa sikirini, palibe nambala yooneka. Ena mwa mayankhowa amabweranso ndi kamzere ka nthawi kamene kamatha msanga, kuti munthu ayankhe za mumtima mwake asanayambe kuwerengera phindu.

Mathero achitatu, ndi mwendo wa Dijkstra

Ciri akapulumuka, pali njira ziwiri. Angakhale mlenje wa zilombo ngati Geralt, kapena angalowe ufumu wa bambo ake. Apa gemu siwerenganso nambala, imayang'ana zolembedwa za inde kapena ayi, ndipo zonse ziyenera kugwirizana. Kuti Ciri avale ufumu, ayenera kukhala kuti anapulumuka, anakaonana ndi Emhyr ku Vizima, ndiponso dziko la Nilfgaard linapambana nkhondo imene ikuchitika m'nkhani yonseyi. Chimodzi chikasowa, Geralt amakanamiza Emhyr kuti mwana wake anafa, kenako amakakumana ndi Ciri m'nyumba ya alendo ya ku White Orchard atamutengera lupanga lasiliva.

Tsono zoti Nilfgaard ipambane zimadalira nkhani ina yapambali, imene wosewera angathe kuidumpha osadziwa. Pali chiwembu chofuna kupha Radovid, mfumu yankhanza ya dziko la Redania. Geralt akapanda kulowa nawo, Radovid amapambana nkhondo. Akalowa nawo ndipo mfumuyo yaphedwa, mmodzi wa achiwembuwo, kazitape wakale Sigismund Dijkstra, amatembenukira anzake kuti atenge dziko yekha. Geralt akamusiya, Dijkstra ndiye amalamulira kumpoto. Akateteza Vernon Roche ndi anzake, Dijkstra amafa ndipo Nilfgaard imapambana. Motero chisoti chaufumu cha Ciri chimadalira mkangano umene iye sanaumve n'komwe. Mukaphatikiza zimenezi ndi amene walowa ufumu wa Skellige pakati pa Cerys, Hjalmar ndi Svanrige, komanso mkazi amene Geralt watsala naye, mumafika pa zimene kampaniyo inalengeza, kuti dziko la m'gemuyi lingathere m'njira 36. Mathero oseweredwa enieni ndi atatu okha. Zotsalazo ndi zithunzi zokhala ndi mawu ofotokozera zimene gemu imasanja malinga ndi zolembedwa m'kabuku, njira imene gemu ya Fallout inkagwiritsa ntchito kale mu 1997. Choncho mukamva otsatsa malonda akutchula mathero makumimakumi, dziwani kuti kawirikawiri akuwerenga kasanjidwe ka zidutswa, osati nkhani zosiyana.

Pomwepa m'pamene pali chilema chachikulu cha The Witcher 3, ndipo ndi chilema cha magemu ambiri amene anthu ake amalankhula ndi mawu ojambulidwa. Pa sikirini sipalembedwa zonse zimene Geralt anene. Pamalembedwa chidule cha mawu ochepa, ndipo zenizeni mumazimva mutasankha kale. Chiwembu chija chisanafike pachimake, Dijkstra amatsekereza Geralt njira m'nyumba yosambiramo ya mumzinda wa Novigrad. Yankho limodzi limangoti mumukankhire kumbali mwamphamvu. Mukalisankha, Geralt amamumenya mpaka kumugwetsa, kenako n'kumuthyola mwendo. Kuyambira pamenepo nkhani ya chiwembu imatsekeka, Radovid amapambana, ndipo Ciri sangakhalenso mfumu. Wosewera amene ankangofuna kudutsa pakhomo wasintha tsogolo la mayiko angapo.

Apa mlandu ndi wa olemba, osati wa wosewera. Kubisa zotsatira za chosankha n'kwabwino, chifukwa m'moyo sitidziwiratu zobwera. Koma kubisa chosankha chenichenicho n'kulakwa. Munthu ayenera kudziwa chimene akuchita, ngakhale asadziwe chimene chidzatuluke. Ndi muyeso womwewu, ndimaona kuti funso loyamba lija la mowa silinali lachilungamo kwenikweni. Kuuza mwana wokhumudwa kuti sayenera kudziwa chilichonse ndi mawu achifundo, ndipo palibe chimene chimachenjeza kuti mawuwo athera pa botolo. Nalonso funso la m'labotale lili ndi pokayikitsa, popeza makolo ambiri abwino angauze mwana kuti aleze mtima. Kumeneku ndiye kufooka kwa nambala: imadziwa kuwonjeza ndi kusawonjeza basi, sidziwa cholinga cha munthu. Chimene chimapulumutsa gemuyi ndi chakuti salanga cholakwa chimodzi. Pamafunika zitatu, ndipo munthu akaphonya katatu, zimakhala kuti pali khalidwe limene likubwerezedwa.

Yerekezerani ndi zimene zinachitikira Mass Effect 3, gemu ya kampani ya BioWare imene inatuluka mu Malichi 2012. Osewera anali atanyamula zosankha zawo kuchokera m'magemu awiri oyambirira, kuyambira 2007, ndipo m'kati mwa gemu yachitatuyi zambiri mwa izo zinkabala zipatso zooneka. Koma kumapeto kwenikweni wosewera ankaimikidwa pamaso pa njira zitatu kuti asankhe pomwepo, ndipo mafilimu otsekera ankafanana kwambiri moti chosiyana chimene anthu anachiona msanga chinali mtundu wa kuwala: kofiira, kobiriwira kapena kwa buluu. Zochita za zaka zisanu zinali zitasungunulidwa kukhala nambala imodzi ya mphamvu za nkhondo, imene inkangotsegula kapena kutseka zina mwa njirazo. Madandaulo anakula mpaka kampaniyo inatulutsa chowonjezera chaulere mu Juni chaka chomwecho chofotokoza bwino zimene zinachitikira anthu ndi mayiko. Magemu onse awiri ankawerengera mobisa. Kusiyana kwake n'kwakuti ina inaika chigamulo pa batani lomaliza, pamene inayo inachimwaza m'kati mwa nkhani n'kudzaonetsa wosewera nkhope za nthawi zimene zinachibala.

Mtolo umene umatsalira olemba

Chilichonse cholembedwa m'kabuku chimakhala ngongole kwa opanga gemu. Ngati munthu angafe m'chigawo chachiwiri, malo onse amene akanaonekera kutsogolo ayenera kufunsa kaye ngati ali moyo. Wolemba akaiwala funso limeneli pamalo amodzi okha, wosewera amakumana ndi munthu amene anamuika m'manda dzulo, kapena amayamikiridwa pa ntchito imene sanaigwire. Zolakwa zotere n'zovuta kuzigwira, chifukwa zimangoonekera kwa amene anadutsa njira inayake mwa njira mazanamazana, ndipo oyesa gemu sangazidutse zonse.

Ngongoleyi imawolokanso kuchoka m'gemu ina kupita m'inzake. The Witcher 3 inalandira zosankha za mu The Witcher 2 ya mu 2011. Osewera a pa kompyuta ankatha kulowetsa fayilo imene anasunga m'gemu yakaleyo. Kwa ena onse olemba anapeza njira yokoma: Geralt akumetedwa ndevu ku Vizima asanakaonekere kwa mfumu, mkulu wa asilikali Morvran Voorhis amamufunsa mafunso a zimene anachita kale, ndipo mayankho anu ndiwo amadzaza kabuku. Mukanena kuti simunaphe Letho, munthu amene ankapha mafumu m'gemu yachiwiri, mungathe kukumana naye m'dera la Velen, ngakhalenso kumuitana kuti adzathandize pa nkhondo ya ku Kaer Morhen. Mukanena kuti munamupha, chigawo chonsecho simuchiona. Koma onaninso malire ake: Letho sangakhale mzati wa nkhani, pa chifukwa chomwe chija cha Carley ndi Doug.

Mathero atatu a Ciri ndi ngongole yaikulu kuposa ya Letho. M'chowonjezera cha Blood and Wine cha mu 2016, olemba anaibweza mosavuta: mlendo amene amabwera kudzachezera Geralt kumunda wake wa mphesa amasintha malinga ndi kabuku. Amabwera Yennefer kapena Triss ngati Geralt anatsala ndi mmodzi wa iwo, amabwera Ciri ngati Geralt ali yekha ndipo mtsikanayo anapulumuka, apo ayi amabwera mnzake woimba Dandelion. Kumeneko n'kukambirana kwa mphindi zochepa, ndipo kulemba mitundu ingapo n'kotheka. Gemu yathunthu ndi nkhani ina. Mu Disembala 2024 CD Projekt Red inalengeza The Witcher IV, ndipo amene wosewera adzamuyendetse ndi Ciri, ali mlenje wa zilombo. Osewera amene anamusiya atavala ufumu, ndi amene anamulira ku Crookback Bog, adzafunika kufotokozeredwa mmene mtsikana wawo wafikira panjira imeneyi, ndipo nthambi zitatu zimene zinapatukana mu 2015 zidzayenera kukumananso gemu yatsopanoyo isanapite patali.